Nsenjere ndi wambiri mmunda koma mkaka ukutsika, vuto lili pati?

"Bambo, ndine mlimi wa kuno ku Thondwe. Ndili ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, kolosi ya filiziyani, inabereka mu Novembala. Poyamba ndimakama malita 12 pa tsiku koma pano mu Febuluwale ndikungopeza 7, komanso yayamba kuoneka nthiti. Nsenjere ndili naye theka la eka, watalika kuposa ineyo, ndimaipatsa wambiri komanso madeya makilo 3. Anzanga ena akuti ndidzale lukina, ena akuti lukina amathothola ubweya. Ndipange bwanji? Nanga nsenjereyu ndizimudula atafika pati?"

Zikomo mayi polemba, ndipo mtima ukhale pansi chifukwa mmene mwafotokozeramu ine sindikuona ngati ng'ombe yanu yaonongeka ayi. Zimene zakuchitikiranizi ndazionapo mmakola ambiri kuno ku Zomba, ndipo nthawi yake imakhala yomweyi, mvula ili mkati, kunja konse kuli biriwiri, munthu nkumadabwa kuti nanga njala yachokera kuti. Yankho langa lili mmawu anu omwe, pamene mwati nsenjere watalika kuposa inuyo. Udzu umenewo wakalamba. Ng'ombe ikudzaza mimba koma chimene chimapanga mkaka mulibemo mokwanira.

Koma tisanafike kumundako, yambani mwaiyang'ana ng'ombeyo bwinobwino mawa mmamawa. Ikubzikula? Mphuno yake ndi yonyowa? Mawere sanatupe, satentha, mkaka ulibe timibulu kapena magazi? Nkhupakupa mulibe mmakutu ndi kunsi kwa mchira? Madzi ikumwa okwanira? Ya mkaka ngati yanuyo imafuna malita 60 kapena kuposa pa tsiku, ndowa zitatu zija za malita 20, osati kabeseni kamodzi masana. Ngati zonsezi zili bwino ndiye kuti nkhani ndi ya chakudya basi. Dziwaninso kuti mkaka umatsikako wokha ng'ombe ikadutsa miyezi iwiri chiberekereni, koma umatsika pang'onopang'ono, osati kuchoka pa 12 kufika pa 7 uku nthiti zikutuluka.

Tsopano za nsenjere. Udzu uwu ukakhala waung'ono umakhala masamba okhaokha, ndipo pulotini, chija timati chomanga thupi, amakhala mmasambamo. Ukamakula umayamba kumanga phesi, mfundo zimatalikirana, phesilo limauma ngati bango, masamba ammunsi amafiira nkumagwa. Kulemera kumachuluka inde, mtolo umodzi mpaka khosi kuwawa, koma kulemerako ndi kwa mapesi. Nsenjere wa masabata 6 mpaka 8 chimudulireni, wothiridwa manyowa, amakhala ndi pulotini pafupifupi 10 peresenti tikachotsa madzi. Yemweyo mukamusiya miyezi itatu inayi mpaka kufika mamita awiri, pulotini amatsika kufika pa 6 kapena 5. Ndiye pali malire ena ofunika kwambiri. Mchifu chachikulu cha ng'ombe muli tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, ndi timene timagaya udzu, ng'ombe payokha singathe. Tizilomboti timafuna pulotini osachepera 7 peresenti kuti tigwire ntchito. Akachepa pamenepo timafooka, udzu umakhalitsa mmimba osagayika, ndiye ng'ombe imamva kukhuta nkusiya kudya. Mwaona vutolo, likumenya kuwiri: chakudyacho ndi chosalimba, komanso ikudya chochepa.

Umboni wake uli mmodyera. Pitani mukaone zimene zimatsala madzulo. Ndinafika pakhola lina kumtunda kwa Domasi chaka china, bambo wake akudandaula ngati inuyo, nkunditengera kumunda monyadira kuti taonani udzu wanga, uwu ndi banki yanga. Tinalowamo osaonana, masamba akutiyabwa mmikono ndi mkhosi. Titabwerera kukhola ndinapeza mmodyeramo muli mulu wa mapesi oyera, osendedwa bwinobwino ngati mmene ana amasiyira makoko a nzimbe, ng'ombe yadya masamba okha nkumakankha zotsalazo ndi mphuno. Tinazinyamula nkuika pa sikelo yawo yogulitsira nandolo, pa mtolo wa makilo 50 zotsala zinali pafupifupi 20. Bambo aja amati akuipatsa 50, koma imadya 30. Onaninso ndowe. Ikamadya udzu wokalamba ndowe zimatuluka zolimba, zokhala ndi mizeremizere, zikuunjikana mmwamba, ndipo mukaziphwanya ndi kamtengo mumaona timapesi tosagayika. Ndowe za ng'ombe yodya bwino zimakhala ngati phala lolimbirako, zimagwa kuti phwa nkuyalika pang'ono.

Tiyeni tiwerengere ya inuyo, masamu ake si ovuta. Nditenga kuti ikulemera makilo 400, makolosi ambiri kuno amasewera pamenepo. Ng'ombe yotere imafuna pulotini pafupifupi magalamu 400 pa tsiku kuti ingokhala ndi moyo, isanapange ngakhale kapu ya mkaka. Ndiye lita iliyonse imafuna ena pafupifupi 85. Malita 12 ndiye kuti 1,020, kuphatikiza 400 uja tikupeza cha mma 1,400 pa tsiku. Nanga pano ikulandira angati? Tinene kuti ikudyadi makilo 30 a nsenjere wokalambayo. Mukachotsa madzi mumatsala makilo 7 ndi theka, ndipo pa 6 peresenti amenewo akupereka magalamu 450 okha. Madeya makilo 3 akuwonjezera cha mma 300. Zonse pamodzi 750. Chotsanipo 400 wa thupi, otsala 350 ndi a malita 4 basi. Inu mukukama 7. Atatu enawo akuchokera kuti? Akuchokera pamsana pa ng'ombeyo, ikusungunula thupi lake kuti ikupatseni mkaka, nchifukwa chake mukuwerenga nthiti. Ndipo chimandidetsa nkhawa kwambiri si mkakawo ayi, ndi chakuti ng'ombe yowonda chonchi imachedwa kuonetsa zizindikiro zofuna nkhunzi, ndiye mumapezeka chaka chatha isanatenge bere lina. Apo ndiye pamaluza mlimi ndalama zenizeni.

Anthu ambiri akafika apa amathamangira kuwonjezera madeya. Madeya ndi abwino, amapereka mphamvu, koma pulotini wake ndi 10 kapena 11 peresenti chabe, pomwe ng'ombe yokamidwa imafuna kuti chakudya chonse mukachiphatikiza chifike pa 12 mpaka 14. Chinthu cha 10 sichingakweze chakudya kufika pa 13, ngakhale mutathira thumba lonse, mungoidwalitsa mmimba.

Ndiye kudula. Pali miyezo iwiri ndipo anthu amaisokoneza: kutalika kwa udzu pa tsiku lomwe mukudula, ndi kutalika kwa chitsa chomwe mukusiya.

Woyambawo, dulani nsenjere akafika mita imodzi, asapitirire mita ndi masentimita 20. Kwa mayi wa msinkhu wapakatikati ndi kuyambira mchiuno kufika cha pachifuwa. Musavutike ndi tepi, dulani kansungwi ka mita imodzi mukasiye kumunda komweko. Nyengo ya mvula amafika pamenepo pa masabata 6 mpaka 8. Mu Juni ndi Julayi kukamazizira amakula mochedwa, akhoza kutenga masabata 10 kapena 12, ndiye tsatani kutalika osati kalendala. Njira ina yodziwira, pindani phesi cha pakati. Likapindika mofewa nkutulutsa madzi lili bwino, likathyoka kuti thyo ngati nkhuni mwachedwa. Koma musapitenso mbali inayo nkumadula ali mmaondo poti ndanena kuti wamng'ono ndi wabwino. Wa masabata atatu ndi madzi okhaokha, ng'ombe imatsegula mmimba, ndipo mizu imatopa chifukwa simukuipatsa mpata wosunga chakudya, pakutha pa chaka mapando amayamba kufa limodzilimodzi.

Wachiwiriwo, chitsa chitsale masentimita 5 mpaka 10 kuchokera pansi. Ikani dzanja chopingasa padothi, zala zinayi, pamenepo ndi pomwe chikwanje chidutse. Apa ndilankhule za ine mwini. Nditangoyamba kuweta ndimadula cha mmaondo, chifukwa kuwerama kumapweteka msana komanso ndimaganiza kuti ndikasiya chitsa chachitali aphukira msanga. Amaphukiradi msanga, koma mphukira zake zimachokera pa mfundo za mmwambazo, timitengo towonda tambirimbiri ngati tsache, topanda mizu yakeyake. Zitsazo zimauma, chiswe chimalowa, pakati pa phando pamaola, ndipo ulendo wotsatira chikwanje chimangogunda pa zitsa zouma. Patatha zaka ziwiri munda uja ndinachita kuzula nkudzalanso. Mukadula mmunsi, mphukira zimachokera pansi pa dothi, zimatuluka zonenepa, ndipo phando limafutukuka chaka ndi chaka. Komanso osapala mpaka kudothi nkuvulaza mutu wa phando, pamenepo ndi pomwe pali maso ophukira. Chikwanje chikhale chakuthwa, mudule kamodzi mopendeka, chobuntha chimang'amba chitsa ndipo madzi amalowa nkuoletsa.

Kuti zimenezi zitheke tsiku ndi tsiku, munda uja muugawe. Theka la eka ndi pafupifupi masikweya mita 2,000. Gawani zigawo 7 ndi zikhomo, chigawo chimodzi sabata imodzi, ndipo mchigawomo muzidula mzere ndi mzere osadumphadumpha. Pomwe mukumaliza chachi 7, choyamba chija chakwanitsa masabata 7, chafika mchiuno, mwabwerera pomwe munayambira. Chimene chimakalambitsa udzu mminda yambiri ndi kudula pafupi ndi khola pokhapokha poti mtolo usalemere, ndiye kufupiko kumametedwa mpaka kufa, kumapeto kwa munda kukusanduka nkhalango.

Nanga wotalika amene alipo kaleyu? Musamugwetse yense tsiku limodzi, mudzasowa chopatsa ng'ombe. Sabata ino gwetsani zigawo ziwiri mpaka pansi, sabata zotsatirazo chimodzi chimodzi. Pa udzu wogwetsedwawo tengani nsonga ndi masamba, theka la kumtunda, muduledule tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5, ngati chala, nkupatsa ng'ombe. Mapesi okhwima ammunsiwo ndi mbewu yabwino kwambiri. Dulani zidutswa za mfundo zitatu, zikani mopendeka mfundo ziwiri pansi imodzi pamwamba, mita imodzi pakati pa mizere ndi theka la mita pakati pa mapando. Tsekani nawo mipata mmunda, dzalani mmilambala, ena mugawire anzanu. Mvula ya Febuluwale ndi Malichi ikwanira kuti agwire.

Mukangodula, bwezani ndowe. Nsenjere ndi wadyera zedi, amakoka chakudya chambiri mnthaka, ndipo inu tsiku lililonse mukuchinyamula kupita nacho kukhola. Munda wosathiridwa kanthu umapereka udzu wachikasu, ndipo ngakhale mudule pa msinkhu woyenera pulotini wake safika pa 10 paja. Kumbani kangalande kosaya pakati pa mizere, thiranimo ndowe zosakaniza ndi mkodzo ndi madzi otsukira khola, kwirirani. Kukwirirako nkofunika chifukwa mphamvu ya mkodzo imauluka ikakhala padzuwa. Ngati pakhola panu mkodzo umangoyenderera kupita kumsewu, kumbani kadzenje kouwakha, ndi feteleza waulere ameneyo. Mukathira yureya, thirani mutangodula kumene, ndipo udzuwo usadyedwe mpaka utafika msinkhu wake.

Koma ngakhale muchite zonsezi, nsenjere payekha sangakufikitseni pa malita 12. Akadulidwa bwino amasunga ng'ombe nkupereka mwina malita 5 mpaka 7. Kuti tidutse pamenepo pakufunika mbewu za mgulu la nyemba, ndiye tafika pa lukina uja. Anzanu onse awiri akunena zoona. Masamba a lukina ali ndi pulotini woposa 20 peresenti, kuwirikiza kawiri nsenjere wabwino, ng'ombe zimamukonda kwabasi. Komanso ali ndi kapoizoni kotchedwa mimosini, kamene kakachuluka ng'ombe imathothoka ubweya, makamaka kunsonga kwa mchira, imachucha dovu, imasiya kudya. Nkhani ndi muyezo. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, ndipo zomwe ndikupatseni panozi zili kutali ndi malire amenewo. Amene ng'ombe zawo zinathothoka, mukafunsitsa, mupeza kuti inali Okutobala udzu utatha, nkumaipatsa lukina yekhayekha mmawa ndi madzulo.

Tibwerezenso masamu aja ndi chakudya chokonzedwa. Nsenjere wa mchiuno makilo 40 pa tsiku, wofewa, woduladula, imudya pafupifupi yense. Kuchotsa madzi ndi makilo 7, pa 10 peresenti akupereka magalamu 700. Masamba aawisi a lukina makilo 6, ndi timitengo tofewa tosaposa pensulo, kuchotsa madzi ndi makilo 2, akupereka cha mma 440. Madeya anu omwe aja makilo 3, magalamu 300. Kuphatikiza, 1,440. Tafika pa 1,400 paja popanda kugula thumba la dere mashi. Ndipo chakudya chonse chouma chikukwana pafupifupi makilo 12, omwe ndi amene ng'ombe ya makilo 400 ingathe kumaliza pa tsiku. Lukinayo ndi makilo 2 mwa 12, gawo limodzi mwa 6, palibe choopsa. Mmodyera, poyang'ana ndi maso, ndi mtolo umodzi wa masamba pa mitolo 6 kapena 7 ya udzu yolemera mofanana. Koma ndikupemphani, sabata yoyamba yokha bwerekani sikelo muyeze, maso amanama, makilo 6 a masamba ndi ambiri kuposa mmene mukuganizira. Onjezani kamchere ndi maminerozi a ng'ombe za mkaka mmadeyamo, masamba sapereka zonse.

Musayambe ndi makilo 6 tsiku loyamba. Tizilombo ta mchifu tija timafuna kuzolowera. Yambani ndi kilo imodzi, onjezerani pang'onopang'ono, mufike pa 6 patatha masiku 10 mpaka 14. Sakanizani masambawo ndi udzu woduladula kuti isasankhe, mugawe kawiri, mmawa ndi madzulo. Zodulidwa ndi mame kapena mvula muziyanike kaye pamthunzi maola angapo zifote.

Funso ndi lakuti mitengo yake ili kuti, poti simunadzale. Pakadali pano yendani mmudzimo, lukina amapezeka mmipanda ndi mmalire a minda, pemphani kapena sinthanitsani ndi mkaka. Gilirisidiya nayenso ndi wabwino, ndipo inu muli pafupi ndi Makoka kumene mtengowu wakhala ukuyesedwa mminda ya chimanga kwa zaka zambiri, ndiye kwanuko si wachilendo. Vuto lake ndi fungo, ng'ombe yosamuzolowera imangonunkhiza nkutembenuka. Muduleni lero, agone, mupatse mawa atafota, osakaniza ndi timadeya, imazolowera. Masamba a nandolo nawonso amathandiza.

Za mtsogolo, dzalani mpanda wanuwanu kuzungulira munda wa nsenjerewo ndi khola. Kumalo ozizirirako ndi amvula, ngati mmbali mwa phiri la Zomba ndi Malosa, ine ndimakonda kaliyandira, uja wa maluwa ofiira ngati ulusi. Alibe mimosini, ndipo tinsabwe tija timene timafinya nsonga za lukina sitimuvutitsa. Kumalo otentha ngati Chingale kapena kuyandikira ku Chilwa lukina ndi gilirisidiya amapirira bwino. Kwanu ku Thondwe zonse zitatu zikhoza kuchita, ndipo ndibwino kusakaniza. Muyezo umene alangizi timagwiritsa ntchito pa kaliyandira ndi wakuti makilo 3 a masamba aawisi amagwira ntchito ngati kilo imodzi ya dere mashi, ndipo ng'ombe imodzi imafuna mitengo pafupifupi 500 kuti izidya makilo 6 tsiku lililonse chaka chonse. Musaope nambalayo. Mumadzala motalikana theka la mita, ndiye 500 ndi mzere wa mamita 250. Malire a theka la eka lanu ndi pafupifupi mamita 180, otsalawo mumalizitsa pamilambala iwiri. Simukutaya malo a chimanga ngakhale pang'ono. Chaka chino nthawi yofesa yatha, konzani nazale cha mu Seputembala kapena Okutobala kuti mudzaokere mvula ikakhazikika mu Disembala, pokhapokha mutapeza mbande zokonzeka kale sabata zino. Mudzayamba kudula patatha miyezi 9 mpaka 12.

Ndipo taonani kusiyana kwake, apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Udzu timadula pansi, mitengo timadula mmwamba. Mpanda uziduliridwa pa mita imodzi, mchiuno, miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, kuti uzichita nthambi zambiri zofewa pomwe dzanja likufika. Mukausiya umasanduka mitengo yamilimo, masamba ali kumwamba, mthunzi ukupha nsenjere. Kaliyandira muzipatsa tsiku lomwelo, akaumitsidwa sagayika bwino ngati wamuwisi. Wosunga wouma ndi lukina.

Pali njira inanso, desimodiyamu, kambewu koyanga kamene timadzala pakati pa mizere ya nsenjere, kamakangamira pa zovala mukamadutsa. Ubwino wake mumadula zonse pamodzi, chakudya chimatuluka mmunda chosakaniza kale, komanso amawonjezera chonde nkupondereza udzu wosafunika. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri ndipo amayamba mwaulesi, ndiye ngati mnzanu ali naye pemphani mayangwe okhwima mudzale ngati kholowa. Mukamudzala kwezani chitsa pang'ono chifike masentimita 10 mpaka 15, chifukwa iyeyu mukamumeta mpaka pansi saphukira bwino. Ndipo salola nsenjere wa mamita awiri, mthunzi umamupha mnyengo imodzi yokha. Ndiye musamudzale musanazolowere kadulidwe ka zigawo 7 kaja.

Tsopano chinthu chimodzi chimene chidzakudabwitseni. Mukayamba kudula pa nthawi yake, nyengo ya mvula udzu udzakuchulukirani. Makilo 40 pa tsiku ndi kilo imodzi pa sikweya mita iliyonse ya gawo la tsikulo, ndipo munda wothiridwa manyowa umapereka kuposa pamenepo. Mtima udzakuuzani kuti musiyeni akule, ndidzadula mchilimwe. Imeneyo ndi banki ya bambo a ku Domasi aja, musatero. Dulani ndithu pa nthawi yake, wotsalayo mupange sayileji: mufotetse tsiku limodzi, muduledule, muwaze madeya kapena molasesi, mutsendere kwambiri mdzenje loyalidwa pulasitiki kuti mpweya utuluke, mutseke ndi dothi. Koyamba pangani ndi alangizi a ziweto a kudera kwanu kapena mnzanu wa mgulu la mkaka amene anapangapo, chifukwa akalowa mpweya amaola nkuchita nkhungu, ndipo wankhungu sapatsidwa ng'ombe. Kuumitsa nsenjere kuti akhale heyi sindilimbikitsa, mapesi ake sauma msanga.

Komanso ndinene mosabisa, theka la eka silidzakukwanirani kuyambira Ogasiti mpaka mvula, makamaka poti thole lija likukula nalonso lizidya. Ng'ombe imodzi ndi mwana wake zimafuna pafupifupi eka. Chiperoni chimathandizako mu Juni ndi Julayi koma sichifikitsa ku Novembala. Ndiye pokumba mtedza mu Epulo ndi Meyi, masangwi ake musawasiye mmunda kapena kuwatentha. Aumitseni masamba asanayoyoke, muwasunge pathandala pansi pa denga, ali ndi pulotini woposa wa nsenjere wokalamba kutalitali. Mapesi a chimanga paokha ndi 4 peresenti kapena kuchepera, koma mukawaduladula nkusakaniza ndi masangwi ndi lukina wouma ng'ombe imadutsa chilimwe ili ndi thupi.

Muyembekezere chiyani? Mukangoyamba masamba aja, pakutha pa sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona lita imodzi kapena awiri akubwerera. Udzu watsopano ukafika mchiuno kumayambiriro a Epulo ndi pomwe kusintha kwenikweni kudzaoneke. Sindikulonjezani 12 ndendende, chifukwa nthawi imene ng'ombe imatulutsa mkaka wambiri yadutsa ndipo china chizipita kukakonza thupi, koma 9 kapena 10 ndi zotheka, ndipo bere lotsatira idzayambira pabwino. Lembani malita a mmawa ndi madzulo mkakope tsiku lililonse, kuti tisamadalire kukumbukira.

A vetenale muwaitane mwachangu mukaona izi: mimba yatupa mbali ya kumanzere nkumalira ngati ng'oma mukaigogoda, ng'ombe ikupuma movutikira. Kumeneko ndi kufufuma, kumabwera kawirikawiri ikadya zanyemba zanthete zonyowa zambiri nthawi imodzi ili ndi njala, ndipo kumapha mmaola ochepa, musadikire mawa. Awoneninso ikasiya kubzikula kapena kudya tsiku lathunthu, ikatentha thupi, ikatupa timabulu kunsi kwa makutu kapena kutsogolo kwa mapewa, kapena ikamatsegula mmimba masiku opitirira awiri. Ubweya wa kumchira ukayamba kuthothoka, siyani lukina kaye, mupitirize ndi masamba enawo. Ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi ikudya bwino koma mkaka osasuntha, nthiti zili pomwepo, apempheni aione za njoka zammimba, makamaka ngati mumamwetako udzu wa kudambo. Mukawaitana muwauzenso kuti inabereka mu Novembala ndipo aone ngati yakonzeka kutenga bere, chifukwa miyezi itatu yakwana kale.